Mutu wosamva panado kwa munthu amene chitetezo chatsika

Bambo wina wazaka 38 anabwera ndi mutu wa masabata atatu. Anasiya ma ARV atapita kukagwira ntchito ku Joni. Anali atamwa panado wambirimbiri, ndi LA kawiri. Thupi silinkatentha kwenikweni, khosi likupindika bwinobwino. Koma mkazi wake anati, "Adokotala, dzulo anandifunsa dzina la mwana wathu." Ine mawu amenewo anandikwanira.

CD4 ya bamboyu, chiwerengero cha asilikali a m'thupi, inali 41. Ikatsika pansi pa 200, mutu wokhalitsa timayamba tauganizira kiriputokokasi. Aka ndi kafangasi kopezeka m'dothi ndi m'zitosi za nkhunda, kamene timapuma tonsefe, koma kamafika ku ubongo chitetezo chikagwa. Ngakhale timati ndi matenda oumitsa khosi, odwala ambiri khosi siliuma n'komwe. Mutu umangokulirakulira, kenako kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka.

Kuyeza magazi kotchedwa CrAg kumatenga mphindi pafupifupi 10, ndipo kwa bamboyu kunaonetsa kuti kafangasi kalimo. Chotsatira chinali kuchotsa madzi a pamsana, ndipo apa m'pamene achibale amakana, amvekere "singano imeneyo inapha amalume". Amalumewo nthawi zambiri amakhala atafika mochedwa. Kafangasika kamatseka njira za madzi a mu ubongo, madziwo n'kumapanikiza, ndiye tikachotsako mamililita 20 mpaka 30 ndiye kuti tapereka kale chithandizo. Bamboyu mutu unapepuka tsiku lomwelo, ndipo tinabwereza mawa lake.

Madzi omwewo amatiuzanso za matenda ena. TB ya mu ubongo imabweranso pang'onopang'ono, choncho timayeza madziwo ndi mkodzo, ngakhale zotsatira zabwino siziichotsa m'maganizo. Mabakiteriya amagwetsa munthu m'maola ochepa, ndipo jakisoni sadikira zotsatira. Wina akafooka mkono ndi mwendo mbali imodzi kapena kukomoka ngati wakhunyu, timaganiza za tokisopulazima, kachilombo kena kofika ku ubongo, makamaka ngati samwa bakitirimu. Chindoko nachonso timayeza. Malungo akapezeka timachiza, koma sitiimira pomwepo, poti munthu atha kukhala ndi zonse ziwiri.

Bambo uja anagonekedwa n'kulandira diripi imodzi yamphamvu ya amfoterisini, pamodzi ndi mapiritsi a fulusayitosini ndi fulukonazo kwa masiku 14. Njirayi inayesedwa m'mayiko asanu, kuphatikizapo kuno ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse linaivomereza mu 2022. Fulukonazo amapitirira kwa chaka kapena kuposerapo.

Mkaziyo anadabwa kuti ma ARV sitinawayambitse pomwepo. Timadikira dala masabata 4 mpaka 6, chifukwa chitetezo chikadzuka msanga chimalimbana ndi kafangasi m'kati mwa chigaza, ubongo n'kutupa. Bamboyu anayambiranso kumwa sabata lachisanu.