Malonje a pa Mwambo: Kodi Gogo Chalo Atchulidwe Pati Pakati pa Phungu ndi Khansala?

Sabata zapitazi ndinali nawo pa mwambo wotsegulira midadada ya sukulu kumudzi wina kunja kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo nkhani imene yatsala m'kamwa mwa anthu kumeneko ndi ya malonje, osati ya sukuluyo. Woyendetsa mwambo atatenga chimkuzamawu anatchula mlendo wolemekezeka, amene anali nduna ya boma, kenaka phungu wa deralo, wapampando wa khonsolo, bwanamkubwa, khansala, ndipo pomaliza anangoti "mafumu onse amene muli pano." Gogo Chalo anali atakhala kutsogolo pa mpando wawo, koma dzina la ufumu wawo silinamveke. Amayi amene anali okonzeka kuimba nthungululu anangoyang'anana, magulupu awiri anaweramitsa mitu, ndipo mwambo usanathe mmodzi wa nduna za mfumu anapita kukanong'oneza woyendetsa mwamboyo kuti walakwa.

Mkangano umenewu unayamba kale, ndipo gwero lake ndi lakuti pa bwalo limodzi pamakumana ndondomeko ziwiri. Ya boma imayambira pamwamba kutsika. Pa mwambo wa dziko lonse, monga wokumbukira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye, timamva kawirikawiri akutchula mtsogoleri wa dziko, wachiwiri wake, Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, mkulu wa makhothi, kenaka nduna za boma, akazembe ndi ena otsatira. Ya kumudzi imafunsa kaye kuti pamalo pano mwini wake ndani, chifukwa mlendo, akule bwanji, amafikira kwa mfumu.

Za nthawi ya atsamunda sindichedwapo. Lamulo la 1933 linapatsa mafumu mphamvu zoweruza ndi kuyendetsa madera awo pansi pa bwanamkubwa, ndipo dziko litalandira ufulu, lamulo la mafumu la 1967 linaika m'manja mwa mtsogoleri wa dziko mphamvu zovomereza ndi kuchotsa mafumu. M'zaka za chipani chimodzi malonje anali osavuta kuloweza ngakhale kuti anali oopsa kuphonya. Kuyambira 1971 wolankhula aliyense ankayamba ndi Pulezidenti Wamuyaya, Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kunalibe. Akuluakulu amene ndinacheza nawo amakumbukira nthawiyo mosiyana: ena amati mfumu inkalemekezedwa koposa lero, ena amati tcheyamani wa chipani ndiye ankaopedwa. Ndimakhulupirira kwambiri gulu lachiwirili, ngakhale kuti kukumbukira kwa munthu kumatsata mbali imene iye anali.

Ambiri amaloza 1994 ngati chiyambi cha chisokonezo pa malonje, pamene kunabwera zipani zambiri, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko ndi mtsogoleri wa otsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo. Maudindo amenewo anapeza malo awo msanga. Kwa ine, pamene zinthu zinasokonekera ndi pansi, m'makhonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linakhazikitsa kuti makhansala osankhidwa ndiwo aziponya voti mu khonsolo, pamene mafumu a ndodo azikhalamo chifukwa cha udindo wawo koma opanda voti. Chisankho cha makhansala chinachitika mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kwa zaka 9 dziko linakhala lopanda makhansala. M'zaka zimenezo aliyense wobweretsa chitukuko ankadzera kwa bwanamkubwa, kwa phungu ndi kwa Gogo Chalo, ndipo oyendetsa miyambo ambiri amene tili nawo lero anaphunzira ntchito yawo nthawi imeneyo, mndandanda uli wa anthu atatuwa. Mu 2010 lamulo linasinthidwa ndipo aphungu anapatsidwa voti mu khonsolo, mafumu n'kukhalabe opanda voti. Makhansala atabwereranso pa chisankho cha pa 20 Meyi 2014, anapeza malo awo pa malonje atadzazidwa kale, ndipo aliyense anawalowetsa pamene anaona kuti n'poyenera.

Apa ndi pamene mbali ziwirizi zimasiyana. Ogwira ntchito za boma amati wosankhidwa ndi anthu ayenera kutsogola, popeza mu khonsolo iye ndiye amamanga mfundo. Mfundo yawo ili ndi maziko, koma lamulo limene amadalira limanena za voti m'chipinda cha msonkhano, osati za ulemu pa bwalo. Nduna za mafumu zimati dera la mfumu ya ndodo limodzi likhoza kukhala ndi makhansala angapo, kuti khansala amabwera ndi kupita pa zaka 5 zilizonse, ndipo kuti malo amene sukulu yamangidwapo anaperekedwa ndi mfumu. N'kovuta kuuza gogo amene anaona aphungu ambiri akusinthana kuti atchulidwe pambuyo pa mwana amene anabadwira m'mudzi wa nyakwawa yake.

Ku Lilongwe kuli chovuta china. Likulu la dziko linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo mzinda unakula n'kumeza midzi. Lamulo la mafumu limati mkati mwa mzinda mfumu siigwiritsa ntchito mphamvu zake popanda chilolezo cha khonsolo, choncho pa mwambo wa boma ku Kawale kapena ku Chilinde mwini malo ndi meya, amene timamutchanso mfumu ya mzinda. Mukangodutsa malire a mzinda kulowa m'dera la khonsolo ya boma la Lilongwe, monga kwa Chadza kapena kwa Kalolo, mwini bwalo ndi Gogo Chalo. Woyendetsa mwambo amene wazolowera za m'tauni amanyamula mndandanda womwewo kupita nawo kumudzi, ndipo n'zimene zinachitika tsiku lija.

Ndikanakhala ine ndikuyendetsa mwambo uja, ndikanalemba mapepala awiri. Loyamba ndi la olankhula, ndipo limakwera: nyakwawa kapena gulupu alandira alendo, kenaka Gogo Chalo, wapampando wa khonsolo, phungu, ndipo nduna ilankhula pomaliza, chifukwa mlendo wolemekezeka akalankhula palibenso wina wowonjezera. Lachiwiri ndi la malonje, ndipo limatsika. Ndikanayamba ndi Olemekezeka nduna, dzina lawo ndi unduna wawo wonse, kenaka Olemekezeka phungu ndi dzina la dera lawo, wapampando wa khonsolo, bwanamkubwa, ndipo pamenepo Gogo Chalo, powatchula ndi dzina la ufumu, osati la kubadwa, ndi kuima pang'ono kuti anthu awombe m'manja. Khansala wa wodi akanabwera pambuyo pake, kenaka magulupu, nyakwawa, atsogoleri a mipingo, makolo ndi ana a sukulu. Ena angakweze Gogo Chalo kuposa pamenepo, ndipo sindingatsutsane nawo, chimene sindingavomere ndi kuwaphatikiza m'mawu akuti "mafumu onse."

Mwambo usanayambe n'kofunikanso kufunsa kalaliki wa mfumu ngati mfumuyo inakwezedwa kukhala mfumu yaikulu, popeza kutchula udindo wakale n'kuitsitsa pagulu. Ngati nduna yatumiza mkulu wa mu ofesi yake, ameneyo amatchulidwa poyamba monga woimira nduna, koma dzina la Olemekezeka salitenga. Mndandanda wonse umawerengedwa kamodzi potsegula, ndipo olankhula otsatira akhoza kungotchula mlendo wolemekezeka ndi mwini bwalo n'kunena kuti ena onse ulemu wanu monga mwa maudindo anu.

Tsiku lija phungu ndiye anakonza zinthu. Itafika nthawi yake anatembenukira kwa Gogo Chalo, anawatchula ndi dzina la ufumu wawo, nawathokoza chifukwa cha malo, ndipo nthungululu imene inasowa poyamba inamveka. Woyendetsa mwamboyo akunenabe kuti anawerenga mndandanda umene anapatsidwa.