"Mtima wanga umalumpha ndikamwa khofi, kodi wayamba kuima?"

Sunaime ayi. Kafeini, mankhwala opezeka mu khofi, amatsekereza adenosini, mankhwala a m'thupi amene amadekhetsa mtima, ndipo adrenalini, amene amafulumizitsa mtima, amachuluka. Chipinda china cha mtima chimagunda nthawi isanakwane, kenako mtima umadikira pang'ono, magazi n'kudzaza kwambiri. Kugunda kotsatirako kumakhala kwamphamvu, ndiko mumamva ngati chibakera pachifuwa.

Kafeini amafika pachimake m'magazi pasanathe ola, ndipo theka lake limakhala likadalimo pakatha maola pafupifupi 5, choncho chakumwa chopatsa mphamvu chamadzulo chimawonjezera pa khofi wamasana. Kwa akuluakulu athanzi, malire ndi mamiligalamu 400 patsiku, makapu anayi apakatikati a khofi.

Koma mukamva chizungulire, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mukakomoka, pitani kuchipatala msanga akajambule ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima.