Mwakhwacha fakita: kodi pamenepo patsala bowo kapena asimputoti?

Pamapepala a ophunzira masamu pali cholakwika china chimene chimabwera kawirikawiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti ochilakwitsa ambiri ndi aja amene aljebura amaidziwa. Amaphwanya bwinobwino za pamwamba ndi za pansi pa fulakishoni kukhala mafakita, n'kukhwacha ofanana, kenako n'kulemba molimba mtima kuti pamene pakhwachidwa fakita paliponse pali bowo. Nthawi zambiri yankho limakhozadi, n'chifukwa chake chizolowezichi chimazika mizu. Koma lamulo lake si limeneli, ndipo tsiku lina limamugwetsa munthu.

Fankishoni imene tikukamba pano ndi ya mtundu wa fulakishoni, yomwe pamwamba ndi pansi pake pali mapolinomiyo. Kugawa ndi ziro n'kosatheka, choncho x aliyense amene amasandutsa za pansi kukhala ziro saloledwa kulowa m'fankishoniyo. Funso ndi lakuti girafu imatani ikamayandikira x woletsedwayo. Njira zake ndi ziwiri zokha. Mwina imayenda bwinobwino mpaka pafupi penipeni, n'kusowa kadontho kamodzi kokha, n'kupitiriza tsidya linalo ngati palibe chachitika. Limeneli ndiye bowo. Mwinanso imathawira m'mwamba kapena pansi mopanda malire, ikutsata mzere woimirira umene siukhudza. Mzere umenewu ndiye asimputoti yoimirira.

Tiyeni titenge chitsanzo chokhala ndi zonse ziwiri:

f(x) = (x² − x − 6) / (x² − 9)

Pamwamba tikufuna manambala awiri amene tikawachulukitsa atipatsa −6, tikawaphatikiza atipatsa −1. Amenewa ndi −3 ndi 2. Pansi pali kusiyana kwa masikweya awiri. Ndiye kuti:

f(x) = (x − 3)(x + 2) / ((x − 3)(x + 3))

Musanakhwache chilichonse, lembani pambali manambala oletsedwa: x = 3 ndi x = −3. Ine ndimaumirira kuti izi zilembedwe poyamba, chifukwa (x − 3) akangokhwachidwa, palibenso chotsala papepala chokukumbutsani kuti 3 anali woletsedwa. Tikakhwacha titsala ndi (x + 2)/(x + 3), yomwe ikufanana ndi f paliponse kupatula pa x = 3. Yotsalayi imamulandira 3 popanda vuto, pamene f yoyambirira ija imamukana. Paja kukhwacha ndi kugawa pamwamba ndi pansi ndi (x − 3), ndipo zimenezo zimaloledwa pokhapokha ngati (x − 3) si ziro.

Tsopano tifunse manambala awiri aja, mmodzimmodzi, pogwiritsa ntchito fulakishoni yotsalayo. Tikaika x = 3, pansi pakhala 6, pamwamba 5. Za pansi sizilinso ziro, choncho palibe chokankhira girafu kutali. Pamenepa pali bowo, ndipo lili pa (3, 5/6). Mukafuna kudzitsimikizira, yesani manambala oyandikana ndi 3. Pa x = 2.99 fankishoni ikupereka pafupifupi 0.8331, pa x = 3.01 ikupereka pafupifupi 0.8336, ndipo 5/6 ndi pafupifupi 0.8333. Mbali zonse ziwiri zikulondola malo amodzi, kungoti malo enieniwo ndi opanda kanthu. Pojambula timaikapo kabwalo kakang'ono kosadzaza m'kati.

Pa x = −3 nkhani ndi ina. Pansi pakadali ziro ngakhale takhwacha, pamwamba pali −1. Taonani zimene zimachitika mukayandikira. Pa x = −2.9 tikugawa −0.9 ndi 0.1, yankho −9. Pa x = −2.99 tikugawa −0.99 ndi 0.01, yankho −99. Kumanzere kwake, pa x = −3.1 tikupeza 11, pa x = −3.01 tikupeza 101. Za pamwamba zangokhala chapafupi ndi −1 osasuntha kwenikweni, koma chogawira chikunka chichepa, ndiye yankho likukula popanda poimira. Iyi ndi asimputoti, mzere wa x = −3, ndipo girafu ikutsikira pansi kumanja kwake, ikukwera m'mwamba kumanzere kwake.

Mpaka pano chizolowezi chija chikuoneka ngati chikugwira: wokhwachidwa wapereka bowo, wotsala wapereka asimputoti. Koma taonani iyi:

g(x) = (x² + x − 2) / (x² − 2x + 1)

Pamwamba pakuphwanyika kukhala (x − 1)(x + 2). Pansi pakuphwanyika kukhala (x − 1)(x − 1). Fakita (x − 1) ali pamwamba ndi pansi pomwe, ndiye tikhwacha. Wofulumira walemba kale kuti pa x = 1 pali bowo. Koma pamwamba (x − 1) analipo mmodzi, pansi analipo awiri. Mmodzi wa pamwamba wachotsa mmodzi yekha wa pansi, mnzake watsala:

(x + 2) / (x − 1)

Ikani x = 1: pamwamba 3, pansi ziro. Pa x = 1.01 tikugawa 3.01 ndi 0.01, yankho 301. Pa x = 0.99 tikugawa 2.99 ndi −0.01, yankho −299. Palibe bowo lililonse apa. Ndi asimputoti yeniyeni, ngakhale tinakhwacha fakita wake. Ndipo sizingatheke kuti pa x mmodzi yemweyo pakhale bowo komanso asimputoti. Bowo limafuna msinkhu wodziwika umene girafu ikulondola, ndipo girafu yothawira kutali ilibe msinkhu wotero.

Zili ngati ngongole. Fakita aliyense wa pansi ndi ngongole imodzi, ndipo mnzake wofanana naye wa pamwamba ndi malipiro amodzi. Kulipirako pang'ono sikuthetsa ngongole. Chofunika n'chakuti kodi yatha yonse kapena yatsalako. Choncho funso loyenera kudzifunsa si lakuti "kodi ndakhwacha?" koma lakuti "nditakhwacha zonse zotheka, kodi pansi pakadali ziro pa x ameneyu?" Ngati pakadali ziro, ndi asimputoti. Ngati ziro wachoka, ndi bowo. Kunena mwa kuwerenga: ngati (x − a) akupezeka ka m pamwamba ndi ka n pansi, n akhale 1 kapena kuposa, ndiye kuti pali bowo pamene m akufanana ndi n kapena kumuposa, ndipo pali asimputoti pamene m akuchepa kwa n.

Chitsanzo cha g chili ndi kena kobisika kamene ndimakakonda. Munthu akaona (x − 1)² pansi amayembekeza kuti mbali zonse ziwiri za girafu zilowera kumodzi, monga zimachitikira pa 1/(x − 1)², chifukwa sikweya sakhala negetivi. Koma taona kuti mbali ina yapereka 301, ina −299. Chimene chimalamula ndi chiwerengero cha mafakita otsala pansi mutakhwacha. Akatsala mmodzi kapena atatu, mbali ziwirizo zimasiyana njira. Akatsala awiri kapena anayi, zimalowera kumodzi.

Nanga pamwamba pakachuluka? Tengani h(x) = (x − 2)² / (x² − 4). Pansi ndi (x − 2)(x + 2). Tikakhwacha titsala ndi (x − 2)/(x + 2). Pa x = −2 pali asimputoti, palibe chovuta. Pa x = 2 pansi pali 4, choncho ndi bowo, koma pamwamba pali ziro, ndiye msinkhu wa bowolo ndi 0/4, kutanthauza 0. Bowo lagwera pa (2, 0), pa mzere wa x penipeni. Apa ambiri amayang'ana fulakishoni yotsalayo n'kunena kuti girafu ikudula mzere wa x pa 2. Imachokadi pansi pa mzerewo n'kukatulukira pamwamba pake, koma kadontho kokumanirana palibe, chifukwa 2 ndi woletsedwa kuyambira pachiyambi. Funso likati tchulani pamene h(x) = 0, yankho ndi lakuti palibe.

Pali njira yachidule yoyambira, makamaka ngati mafakita sakuoneka msanga. Ikani x wokayikitsayo m'fankishoni yoyambirira, musanaphwanye chilichonse. Mukapeza nambala yosakhala ziro pamwamba ndi ziro pansi, monga 6/0 amene f imapereka pa x = −3, nkhani yatha, ndi asimputoti. Mukapeza 0/0, simunadziwe kanthu. Pa f, 0/0 wa pa x = 3 anabala bowo. Pa g, 0/0 wa pa x = 1 anabala asimputoti. Komabe 0/0 ameneyu si wachabe. Polinomiyo ikakhala ziro pa x = a, (x − a) amaigawa popanda chotsala, choncho 0/0 akukuuzani dzina la fakita amene ali pamwamba ndi pansi pomwe. Gawani zonse ziwiri ndi (x − a), ikaninso a, ndipo mubwereze mpaka 0/0 atasiya kubwera. Pamapeto pake mudzatsala ndi nambala yeniyeni, yomwe ndi msinkhu wa bowo, kapena nambala yosakhala ziro pamwamba pa ziro, yomwe ndi asimputoti.

Musadalire kwambiri kakyuleta yojambula girafu kapena pulogalamu ya pa kompyuta pa nkhani ya mabowo. Makinawa amawerengera madontho ambiri n'kuwalumikiza, ndipo bowo lilibe m'lifupi. Ngati palibe dontho limene lagwera pa x = 3 ndendende, mzere umangodutsa wosalala ngati palibe chosowa. Asimputoti imaoneka patali, koma bowo limapezeka ndi pensulo, kapena pofunsa makinawo mtengo wa fankishoni pa x yemweyo n'kuona akukana.

Mafakita ena amabisala. Mu (x − 3)/(3 − x) za pamwamba ndi za pansi zikuoneka zosiyana, koma 3 − x ndi −(x − 3). Tikakhwacha titsala ndi −1, ndiye girafu yake ndi mzere wogona pa y = −1 wokhala ndi bowo pa (3, −1). Wosazindikira izi amajambula asimputoti pamalo pomwe palibe. Chimodzimodzi 2x − 6 ndi 2(x − 3). Ndipo si chilichonse cha pansi chimene chimaletsa nambala: x² + 4 sakhala ziro pa x weniweni aliyense, choncho sabweretsa bowo kapena asimputoti, kaya wakhwachidwa kapena watsala. Chokhacho choti musamale naye n'kusamusokoneza ndi x² − 4, amene amaletsa manambala awiri, 2 ndi −2, ndipo aliyense wa iwo ayenera kufunsidwa payekha.