Kanema Mmodzi Si Tchanelo Chonse

"Tchanelo cha Yutubu cha mnyamata wa ku Kapata chija, kanema aliyense amaoneredwa ka 10,000. Zoona?"

Ayi. Tiyerekeze kuti waika makanema asanu. Anayi aoneredwa ka 300, 400, 500 ndi 600. Wachisanu wafalikira pa Watsapu mpaka kufika 48,200. Mukaphatikiza zonse n'kugawa ndi 5, avereji ndi 10,000, chikhalirecho anayi aja palibe wofika ngakhale 1,000. Mmodzi uja wakoka anzake onse.

Ndandalikani manambalawo kuchokera pa yaing'ono kufika pa yaikulu, mutenge ya pakati. Imeneyo ndiye midiyani, apa ndi 500. Kanema wotchukayo ataoneredwa ka miliyoni, midiyani ikhalabe 500. Makanema akakhala asanu ndi mmodzi, phatikizani manambala awiri apakati, mugawe pawiri.

Eni sitolo mu Chipata, musanalipire kuti akulengezereni malonda, funsani midiyani ya makanema aposachedwa.