Mwana wanu sanalodzedwe, ubongo wake sunamalize kukhwima

Ndatopa nawo mawu akuti "mwanayu amulodza". Ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse m'chipinda chomwe ndimaonera odwala kuno ku Angonia, ndipo amene akunenedwayo amakhala mnyamata kapena mtsikana wa zaka 14 mpaka 18, yemwe kunyumba ndi wofatsa koma akakhala ndi anzake amachita zoika moyo pachiswe.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anali ndi zaka 16. Chaka chathunthu ankanyamula matumba a mbatatesi pa njinga yamoto ya bambo ake kupita kumsika wa ku Ulongwe, osagwapo ngakhale kamodzi. Tsiku lina atatsitsa katundu, anzake atatu anaima m'mbali mwa msewu nkumamuchemerera. Anakolowetsa chipewa chotetezera mutu pachiwongolero, naithamangitsa njinga ija pamalo pomwe masiku onse ankadutsa pang'onopang'ono. Anagwa, namenyetsa mutu pamwala.

Bambo ake anandiuza kuti: "Adokotala, mwanayu ndinamulangiza kambirimbiri. Ngozi ankaidziwa. Si iyeyo anachita zimenezi, alipo anamutuma."

Zoti ankaidziwa ngozi ndi zoona. Mwana wa zaka 16 akakhala phee, amalingalira za ngozi pafupifupi ngati munthu wamkulu. Vuto ndi loti mbali za ubongo sizikhwimira limodzi. Mkati mwa ubongo muli mbali yomwe imamva kukoma kwa chinthu chatsopano ndi kwa kutamidwa. Imagwira ntchito ndi mankhwala achilengedwe a mu ubongo otchedwa dopamini, ndipo mwana akangotha msinkhu imagalamuka mwamphamvu. Mbali ya kuseri kwa mphumi, yomwe imati "dikira kaye, zikatha apa zikhala bwanji?", imachedwa. Mitsempha yake imakhala ikudulirabe nthambi zosafunika ndi kukutidwa ndi mafuta othandiza kuti uthenga uziyenda msanga, ndipo ntchitoyi imafika cha m'ma zaka 25. Zili ngati ngolo yomangidwa ng'ombe zamphamvu, wogwira chingwe manja asanalimbe.

Nanga anzake amalowa pati? Mu 2005, akatswiri ofufuza Margo Gardner ndi Laurence Steinberg a ku Amerika anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta, ena ali okha, ena anzawo awiri ali pambali. Achinyamata a zaka 13 mpaka 16 anachita zangozi pafupifupi kuwirikiza kawiri pamene anzawo analipo, pomwe akuluakulu sanasinthe kwenikweni. Mu 2011 gulu la Steinberg linajambula ubongo wa anthu akusewera masewera otere. Anzawo anali m'chipinda china, osatha kuwauza chochita, koma kungodziwa kuti akuonerera kunali kokwanira kukoleza mbali ija yomva kukoma mwa achinyamata. Ndiye musamangofunsa kuti "anakukakamiza ndani?" Nthawi zambiri sipakhala womukakamiza. Maso okha amakwanira.

N'chifukwa chake kuwonjezera malangizo kapena chikwapu sikuphula kanthu. Malangizo amalowa mwana ali phee pakhonde, pomwe ngozi imachitika mtima uli m'mwamba pakati pa anzake. Chomwe kholo lingasinthe ndi malo ndi nthawi: kiyi wa njinga abwerere kunyumba katundu akangotsitsidwa, asanyamule anzake, asayende usiku, asayandikire kachasu, ndipo agone maola 8 mpaka 10, popeza kusagona kumafooketsa mbali yomweyo ya kumphumi. Musamuletse kucheza. Maso omwewo a anzake amamulimbikitsanso pa mpira ndi pa sukulu.

Koma chomwe chimandiwawa pa mnyamata uja ndi zomwe zinatsatira. Atagwa anakomoka pang'ono, kenako anadzuka nkumalankhula bwinobwino. Usiku anasanza, mutu ukunka nuwawa. M'mawa anayamba kuyankha zosagwirizana, achibale nkuti zatsimikizika, ndi zamatsenga. Anapita naye kwa sing'anga, komwe anamutema mphini m'mutu momwemo. Anafika kwa ife tsiku lachitatu akuvuta kudzutsa, kadontho kakuda ka diso limodzi katakula kuposa kanzake. Magazi anali akuunjikana mkati mwa chigaza nkumapanikiza ubongo. Tinamutumiza ku Tete, ulendo wa maola angapo. Moyo anapulumuka, koma dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zinafooka mpaka lero.

Mwana akamenyetsa mutu, kenako nkusanza mobwereza, kuwodzera mosadzutsika, kusokonekera, kukomoka kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu, bwerani naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kudzuka nkulankhula sikutanthauza kuti wapulumuka. Ndipo musamati zonse ndi chinyamata. Amene wasiya kudya ndi kucheza kwa masabata awiri, amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, kapena wanenapo zodzipha ngakhale kamodzi, akudwala. Ameneyo musamutengere kwa mneneri wolipiritsa mametikali kapena kumumanga zingwe. Mubweretseni kuchipatala tsiku lomwelo.