Musachape pakamwa pa dalaivala wa tekisi

Mafilimu afupiafupi omwe anyamata athu akujambula ku Yeoville ndi ku Rosettenville akubwera ndi vuto limodzimodzi. Wosewera akulaula, mitsempha ya m'khosi ili gwa, koma mawu olembedwa pansi pa kanema akuyankhula ngati mkulu wa mpingo. Eni filimu amati akuopa makolo kumudzi. Komatu woonera wa kuno ku Joni amamva kutukwana kwa Chizulu ndi Chingerezi tsiku lililonse pa renki ya Noord. Khutu likamva china, maso n'kuwerenga china, amasiya kukhulupirira womasulira mpaka filimu kutha.

Malo ndi ochepa, zimenezo n'zoona. Mizere siipitirira iwiri, mzere uliwonse zilembo 42, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zomwe. Munthu wamkulu amawerenga bwino zilembo pafupifupi 17 pa sekondi. Mu pulogalamu ya Subtitle Edit nambala imeneyi imalembedwa kuti CPS, ndipo ikakwera mopitirira, dziwani kuti mawu achoka woonera asanamalize. Chichewa chathu mawu ake ndi ataliatali, ndiye chimadya malo msanga.

Tione chitsanzo. Dalaivala akuthamangitsa bambo wachikulire yemwe wakana kulipira. M'masekondi awiri walavula mawu otukwana atatu ndi lamulo loti atsike. Masekondi awiri ndi zilembo 34 basi. Wamantha amalemba kuti "Chonde tsikani m'galimoto yanga." Zakwana, koma ndewu yafa. Wina wofuna kuti pasatayike kanthu amalemba kuti "Tuluka m'galimoto yanga yotembereredwayi, iwe mwana wa galu wamkazi!" Izo ndi zilembo 68, zofuna masekondi anayi, ndipo palibe munthu ku Ndirande kapena ku Hillbrow amene anatukwanapo choncho.

Cholemba ndi ichi: "Tsika, galu iwe! Fotseki!" Zilembo 25. Galimoto yachotsedwa chifukwa ikuoneka kale pa chithunzi. Mawu otukwana atsala awiri m'malo mwa atatu, pakuti chotukwana cholembedwa chimabaya kuposa chomveka, ndipo ukali wotsalawo nkhope ndi mawu a wosewera zikuupereka. Koma mbola yeniyeni ili pa "tsika" ndi "iwe". Mnyamata kuuza bambo waimvi kuti "iwe" m'malo mwa "inu" ndi chipongwe chokwanira, pa mtengo wa zilembo zitatu. Zimandipweteka kuona omasulira akuwononga chida chimenechi polemba "iwe" paliponse kuyambira pachiyambi, kotero kuti pofika pa ndewu sichikulumanso. Dalaivala ayambe ndi "bambo, lipirani", kuti akadzagwera pa "iwe" woonera adzidzimuke.

Kutukwana kulinso ndi masitepe. "Chitsiru" ndi "mbuzi" zili pansi. "Galu" ndi "hule" zili pakati. Kutchula ziwalo zobisika, makamaka za mayi wa munthu, ndiye pamwamba penipeni, pomwe kwathu anthu amagwirana malaya. Wosewera yemwe amangomwaza mawu olaula mwachizolowezi akucheza ndi anzake musamuike pamwambapo, mudzamusandutsa chilombo pomwe ndi munthu wansangala. Onerani filimu yonse kaye, musankhe malo awiri kapena atatu oyenera mawu olemerawo, ndipo pamenepo alembeni athunthu. Chilembo chimodzi chotsatana ndi tinyenyezi chimangoimitsa woonera kuti aziganizira chomwe chabisika, chithunzi chikudutsa.

Nthabwala zolaula n'zovutirapo, chifukwa zambiri zimatsamira pa mawu a matanthauzo awiri omwe sawoloka kupita ku Chichewa. Musamasulire mawuwo, pezani chining'a chathu chogwira ntchito yomweyo. Mayi akudandaulira anzake mu saluni kuti mwamuna wake ndi wodzitama koma kuchipinda alibe mphamvu. Mawu oyamba: "Amati ndi mlimi wamkulu," kenako achiwiri: "koma khasu lake n'lobuntha." Agaweni choncho, ndipo achiwiriwo atuluke pomwe mayiyo akuponya nkhonyayo. Mukaika zonse pamodzi, woonera amaseka anzake a mu saluni asanaseke, kapena saseka n'komwe. Malire ake ndi chithunzi. Ngati mayiyo wanyamula soseji m'manja akunena zimenezi, khasu lilibe malo, nthabwala imangidwe pa sosejiyo.

Chenjerani ndi anthu otchipa omwe amati ingonditumizirani mawu papepala, mawa mwalandira. Wosaona nkhope sangadziwe ngati "galu iwe" ndi ndewu kapena moni wa mabwenzi akale. Ndipo musamufune womasulira usiku woti mawa filimu ikutuluka, mawu n'kuwotcheredwa pa chithunzi osayesedwa, chifukwa kukonza mzere umodzi kudzafuna kutulutsanso filimu yonse. Sungani mawuwo padera mu fayilo ya .srt, muonetse anthu awiri kapena atatu filimuyo mutatseka mawu a osewera. Akalephera kuloza pomwe dalaivala wapsa mtima, bwererani pa mzere umenewo.