Phala lokhutitsa si ndiye kuti lakwana

“Bola ana akhuta, chovuta nchani? Ufa woyera ndi wotchipa.”

Ayi anzanga, mukamawerengera menyu ya sukulu, kaya ku Ndirande kaya ku Bangwe, musayambire pa mtengo wa thumba, yambirani pa zomwe mwana mmodzi akupeza mu kapu yake. Ufa woyera unakonoledwa, gaga ndi kamtima kachimanga zinapita, ndiye mafuta, mavitamini ndi ayironi wambiri zinapitira komweko. Mwana akhuta inde koma zambiri zomwe wadya ndi sitalichi basi.

Mgaiwa suwononga chimanga chambiri pachigayo, ndiye pathumba lomwelo mumapeza ufa wochuluka, kutchipa kwenikweni ndi kumeneko. Koma nawonso pawokha sukwana chifukwa puloteni wa chimanga ndi woperewera, amafuna soya, nyemba kapena nsinjiro kuti akwanire, nchifukwa chake Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya.

Tiyerekeze sukulu ya ana 500, aliyense magalamu 100 a ufa patsiku, ndi makilogalamu 50. Mukaika mgaiwa makilogalamu 40 ndi soya makilogalamu 10, mwana apeza puloteni pafupifupi magalamu 14, pomwe chimanga chokha chikanampatsa 8 kapena 9. Soyayo akazingidwe kaye asanagayidwe, wosakazinga amanunkha chiwisi ndipo amavuta kugayika m'mimba, muona ana akusiya phala m'makapu.

Ndipo wowunika za phala pasukulu aziyang'ana zotsala m'makapuzo, chifukwa phala lotayidwa mwalipira koma silinalowe m'thupi. Ayang'anenso madzi, ophika akaona ufa ukuchepa amasukulutsa, makapu amadzaza bwinobwino koma mulibe magalamu 100 aja.